Foni Yanu Ili M'chiyankhulo Chachilendo? Tsatirani Zithunzi, Mawu Asiyeni

Mafoni ambiri amene tili nawo kuno anayamba akhalapo m'manja mwa anthu ena. Ina watumiza m'bale wa ku Joni, ina yalowa kudzera ku Tete ili m'Chipwitikizi, ina yachokera ku Dubai ili m'Chiarabu. Nthawi zina foni ndi yanu yomwe, kungoti mwana anaibwereka madzulo kuti aseweretse, m'mawa mukupeza zonse zalembedwa m'Chitchaina. Zikatere ambiri amathamangira kwa okonza mafoni n'kukalipira ndalama pa ntchito ya mphindi ziwiri zokha.

Chimene okonza mafoniwo akudziwa si Chitchaina ayi. Iwo sawerenga n'komwe mawu a pasikirinipo. Amayang'ana tizithunzi. Foni ikasintha chiyankhulo mawu onse amasintha, koma tizithunzi timakhala tomwe tija, ndipo kawirikawiri timakhalanso pamalo pomwe tinali. Malangizo awa ndi a munthu amene wangoyamba kumene kugwira foni yodina pasikirini, ndipo tiyenda ndi foni ya Android monga Tecno, Itel kapena Infinix, poti ndi imene ili m'matumba mwa ambiri. Pamene Samsung ndi iPhone zikusiyana ndi zinzake ndinena.

Choyamba, dziwani pothawira

Musanadine chilichonse, pezani kaye njira yobwerera m'mbuyo. Munthu wodziwa kubwerera saopa kulowa polakwika.

Yang'anani m'munsi mwenimweni mwa sikirini. Mafoni ambiri amakhala ndi tizizindikiro titatu pamenepo. Kamuvi kapena kachinthu ka ngodya zitatu koloza kumanzere n'kobwerera sitepe imodzi m'mbuyo. Kozungulira kapakati kamakubwezerani kusikirini yoyamba, kaya munalowa mozama bwanji. Ka ngodya zinayi kamaonetsa mapulogalamu amene mwatsegula posachedwa. Pa Samsung kobwererako kamakhala kumanja, ndipo kumanzere kumakhala timizere titatu toimirira. Ngati m'munsimo mulibe kalikonse, ndiye kuti foniyo inatcheredwa kuti iziyendera chala. Ikani chala m'mphepete mwa sikirini, kumanzere kapena kumanja, n'kukokera pakati, mubwerera m'mbuyo. Mukakoka kuchokera pansi kupita m'mwamba mufika kusikirini yoyamba.

Chachiwiri choti muphunzire n'kusiyanitsa chinthu choyaka ndi chozima. Kachizindikiro kamene kali ndi utoto wowala, kaya wobiriwira kapena wabuluu, ndiye kuti chinthucho chikugwira ntchito. Kotuwa kapena kozilala ndiye kuti n'chozima. Kachithunzi kalikonse kamene kadulidwa ndi mzere wopingasa kakukuuzani kuti chinthucho chaletsedwa: belu lodulidwa ndi mzere ndiye kuti foni silira, maikolofoni yodulidwa ndiye kuti mnzanu sakukumvani. M'kati mwa makonzedwe a foni mudzapezanso timaswitchi tokhala ndi kampira kotsetsereka. Kampirako kakakhala kumanja ndipo switchi ili ndi utoto, chinthucho chayaka. Khulupirirani utotowo kuposa mbali imene kampira kali, chifukwa foni ikakhala m'Chiarabu zonse zimatembenuka, ndipo choyaka chimakhala ndi kampira kumanzere.

Pezani giya

Makonzedwe onse a foni ali kuseri kwa chithunzi chimodzi: gudumu la mano kuzungulira, lokhala ndi bowo pakati, longa lija loyendapo tcheni cha njinga. Anthu amangoti giya. M'Chingerezi pansi pake pamalembedwa Settings, m'Chipwitikizi Definições kapena Configurações, m'Chifalansa Paramètres, m'Chitchaina 设置. Simukufunika kuloweza mawu amenewa. Giya ndi giya pa Android, pa iPhone, pa kompyuta, ngakhale pa rimoti ya wailesi yakanema yamakono.

Pali njira ziwiri zolipezera. Yoyamba n'kulifufuza pakati pa mapulogalamu onse, koma imeneyi imatopetsa, komanso mafoni ena amasintha maonekedwe a tizithunzi ta mapulogalamu mwakuti giya lija limabisala. Njira yachiwiri ndi imene ine ndimaikhulupirira. Ikani chala pamwamba penipeni pa sikirini, pamene pamaoneka nthawi ndi batire, n'kukokera pansi. Patsika chinsalu chokhala ndi timabatani tambiri. Giya laling'ono limakhala pakona ya chinsalu chimenechi, kawirikawiri pamwamba chakumanja. Ngati silikuoneka, kokaninso kachiwiri kuti chinsalucho chitambasuke chonse, ndipo mwina mulipeza pakona ya m'munsi. Pa mafoni ena atsopano a Tecno, Infinix ndi Xiaomi, kukoka kuchokera kumanzere kumatsitsa mauthenga, kukoka kuchokera kumanja ndiye kumatsitsa timabatani tija, choncho yesani mbali zonse ziwiri. Pa iPhone njira imeneyi palibe. Funani chithunzi chotuwa cha magiya pasikirini yoyamba.

Musasokoneze giya ndi dzuwa. Dzuwa nalonso n'lozungulira ndipo lili ndi timizere kuzungulira, koma timizere take sitigundana ndi bwalo lapakati, ndipo limakhala pambali pa mzere wautali wokoka ndi chala. Ilo n'lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa sikirini.

Kusintha chiyankhulo, sitepe ndi sitepe

Tiyerekeze kuti m'manja mwanu muli foni ya Android imene zonse zili m'Chitchaina, ndipo mukufuna ibwerere ku Chingerezi.

1. Dinani giya. Patseguka mndandanda wautali wa mizere, mzere uliwonse uli ndi kachithunzi kake kumanzere. Mizere yoyambirira imakhala ya netiweki, Wi-Fi ndi Bluetooth. Imeneyo idutseni.

2. Kokani mndandandawo mpaka kumapeto kwenikweni. Chimene mukufuna chili pakati pa mizere iwiri kapena itatu yomaliza. Pa Android yosasinthidwa kwambiri chili ndi kachithunzi ka bwalo lokhala ndi chilembo i m'kati. M'Chingerezi mzerewu ndi System, m'Chitchaina 系统, m'Chipwitikizi Sistema. Apa pali msampha waung'ono. Pafupi pomwepo pali mzere wina wofotokoza za foniyo, About phone, ndipo pa mafoni ena ndi umenewo uli ndi chilembo i. Mukadina n'kuona manambala ambirimbiri ndi dzina la foni, mwalowa khomo lolakwika. Palibe chaonongeka. Bwererani n'kudina mzere woyandikana nawo.

3. Mukalowa moyenera, funani kachithunzi ka dziko lapansi: bwalo lokhala ndi mizere yopindika yoimirira ndi yopingasa. Kawirikawiri ndi mzere woyamba pamwamba. Dziko lapansi pamalo ano likutanthauza ziyankhulo. Ngati mizere ilibe tizithunzi, funani zilembo ziwiri izi, 语言, kapena mawu akuti Idioma m'Chipwitikizi, Langue m'Chifalansa. Simukuwerenga, mukungofananiza maonekedwe.

4. Dinaninso mzere woyamba wa tsamba limene latsegukalo. Nthawi zambiri umakhala ndi kachithunzi ka chilembo A pamodzi ndi chilembo cha Chitchaina 文. Kachithunzi kameneka mudzakaonanso m'malo ambiri, ndipo paliponse kamanena za chiyankhulo kapena kumasulira.

5. Tsopano mukuona chiyankhulo chimene foni ikugwiritsa ntchito, chili ndi nambala 1 kutsogolo. Pansi pake pali mzere wokhala ndi chizindikiro cha kuphatikiza, +. Dinani pamenepo.

6. Apa ndi pamene mtima umakhala pansi. Pamndandanda umene watsegukawu chiyankhulo chilichonse chimalembedwa m'zilembo zake zomwe. Chingerezi chalembedwa English, Chipwitikizi Português, Chiswahili Kiswahili, ngakhale foni yonse ili m'Chitchaina. Kokani pang'onopang'ono mpaka muone English, n'kudina. Foni ikufunsani dziko. Malawi kapena Zambia ikaoneka sankhani imeneyo, apo ayi South Africa kapena United Kingdom n'zabwinobwino. Mukasankha United States madeti azibwera mwezi patsogolo tsiku pambuyo, mwakuti 3/4 ndiye kuti 4 Malichi osati 3 Epulo, zomwe zimasokoneza mukamafufuza uthenga wa ndalama.

7. Anthu ambiri amagwa ulesi pa sitepe ino. Asankha English, koma foni ikadali m'Chitchaina, ndiye amati zakanika. Sizinakanike. English yangolowa pa nambala 2, pomwe foni imamvera chimene chili pa nambala 1. Kumanja kwa mawu akuti English kuli timizere tiwiri kapena tinayi togona. Ikani chala pa timizereto, musachotse, kokerani m'mwamba mpaka English idutse chinzakecho, kenaka chotsani chala. Dikirani masekondi angapo. Sikirini iphethira, mawu onse asintha. Mafoni ena atsopano amayamba afunsa ngati mukutsimikiza. Batani lovomera limakhala kumanja.

8. Chotsani chiyankhulo chakalecho kuti chisadzabwererenso mwangozi. Pakona yakumanja pamwamba pali timadontho titatu toimirira. Timadontho timeneti, paliponse pamene mwatiwona, tikutanthauza kuti pali zina zobisika. Dinani, sankhani Remove, chongani chiyankhulo chosafunikacho, n'kudina kachithunzi ka bini yotayamo zinyalala.

Pa Samsung khomo lake ndi lina. Mukalowa m'giya tsikani chakumapeto n'kufuna kachithunzi ka timizere togona tokhala ndi timfundo, General management. Mzere woyamba m'menemo ndi wa chiyankhulo. Dinani +, sankhani English, ndipo foni ikupatsani mabatani awiri m'munsi. Limodzi likuti chiyankhulo chakale chikhalebe, linalo, lomwe limakhala kumanja, likuti chatsopanochi ndicho chilamulire. Mukadina lolakwika English ingolowa pamndandanda, ndipo mutha kuidina pomwepo n'kuvomereza. Pa Xiaomi ndi Redmi funani kachithunzi ka timadontho titatu togona, Additional settings.

Pa iPhone dinani magiya otuwa, kenaka mzere wokhala ndi giya lina laling'ono, General, m'Chitchaina 通用. M'menemo muli Language & Region. Pa ma iPhone a mapulogalamu atsopano mzerewu uli ndi kachithunzi ka dziko lapansi, koma pa akale mizere ya tsamba ili ilibe zithunzi n'komwe, choncho funani zilembo zija, 语言, kumayambiriro kwa mzere.

Foni ya Chiarabu imafuna kudekha pang'ono. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye foni yonse imatembenuka. Tizithunzi timene ndati tili kumanzere tikhala kumanja, timadontho titatu tipita kukona yakumanzere, kamuvi kobwerera kaloza kumanja, batani lovomera likhala kumanzere. Koma dongosolo lochokera pamwamba kutsika pansi silisintha. Mzere womaliza ndi womaliza basi.

Pali malire ake. Mafoni ena anapangidwira msika wa ku China wokha. Amenewa nthawi zambiri amakhala ndi Chitchaina ndi Chingerezi basi, mapulogalamu ena amakhalabe m'Chitchaina ngakhale mwasintha chiyankhulo, ndipo Play Store, yotengerako mapulogalamu, mwina mulibe. Pamenepo simunalakwitse kanthu, ndi mmene foniyo inabwerera. Ngati mukugula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, onani zimenezi musanapereke ndalama.

Chizindikiro choti musachikhudze

Patsamba lomwe lija la System kapena General management, mizere ingapo pansi pa chiyankhulo, pali mzere woopsa kuposa yonse m'foni. Nthawi zambiri kachithunzi kake ndi kamuvi kozungulira kobwerera m'mbuyo, mwina kali ndi kadontho kapena mivi ya wotchi pakati. M'Chingerezi ndi Reset, m'Chitchaina mudzaona 重置, m'Chipwitikizi Repor kapena Redefinir. M'kati mwake muli batani lofufuta zonse: zithunzi, manambala osungidwa m'foni, mauthenga a WhatsApp amene sanasungidwe kwina.

Mungadziwe bwanji kuti mwafika pamenepo pomwe mawu simukuwamva? Foni imakuchenjezani m'njira zitatu. Imaonetsa mawu kapena batani lofiira, kapena chizindikiro cha ngodya zitatu chokhala ndi mfuwuliro pakati. Imaonetsa mndandanda wa maakaunti anu, imelo yanu n'kuonekera poyera pakati pa zilembo zachilendozo. Kenaka imafunsa nambala yachinsinsi yotsegulira foni. Kusintha chiyankhulo sikufuna nambala yachinsinsi. Foni ikakufunsani nambalayo muli pa ulendo wosintha chiyankhulo, mwasochera, bwererani msanga.

Ena amalangiza kuti foni ya chiyankhulo chachilendo ingofufutidwa yonse, poti ikamayambanso imafunsa chiyankhulo. N'zoona imafunsa, koma malangizo amenewa ndi oipa pa foni yopatsidwa kapena yogula kwa munthu. Foni ya Android ikafufutidwa mokakamiza, kudzera m'mabatani am'mbali, imadzafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale pamodzi ndi mawu ake achinsinsi. Mwini wake wakale ali ku Joni, mawu achinsinsiwo anaiwala kalekale, foni yatsekeka. iPhone nayo imachita chimodzimodzi ndi akaunti ya Apple.

Timabatani ta pachinsalu chapamwamba

Tibwerere ku chinsalu chija mumatsitsa ndi chala. Mavuto ambiri amene anthu amati foni yawonongeka amachokera apa, chifukwa timabatani timeneti timadinika tokha foni ili m'thumba kapena yomangidwa pachitenje. Lamulo lake n'limodzi: kudina kamodzi n'kuyatsa kapena kuzimitsa, kudina osachotsa chala kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kumakulowetsani m'makonzedwe a chinthucho.

Yambani ndi ndege. Kachithunzi ka ndege kakayaka, foni imadula netiweki yonse. Simungaimbe, simungalandire foni kapena uthenga, ndipo mukayesa kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money zikana. Umboni wake uli pamwamba pa sikirini: pamalo pamene pamakhala timizere ta netiweki pali kandege kakang'ono. Dinani ndegeyo izime, dikirani pang'ono, timizere tibwerera. Ndege yomweyi ndi mankhwala netiweki ikamachita ulesi. Iyatseni, werengani mpaka khumi, izimitseni. Foni ifunafunanso nsanja ya netiweki yapafupi ngati kuti mwaizimitsa n'kuiyatsa, koma mwachangu.

Mivi iwiri yoyandikana, wina woloza m'mwamba wina pansi, ndi intaneti yodzera pa simu, imene timagulira bandulo. Ikayaka, pambali pa timizere ta netiweki pamaoneka chilembo kapena nambala, ndipo zilembo zimenezi sizisintha m'chiyankhulo chilichonse. 4G kapena LTE ndiye kuti zinthu ziyenda bwino. H, H+ kapena 3G ndi zapakatikati. E ndi netiweki yakale yoyenda pang'onopang'ono. Uthenga wa mawu upita, koma kanema musayembekezere. Mukaona E vuto si foni kapena bandulo yanu, ndi malo amene mwaima.

Pa foni ya masimu awiri pali chinthu chimene chadyetsa anthu mayunitsi ambiri. Intaneti imadzera pa simu imodzi yokha pa nthawi. Tinene kuti simu 1 ndi ya TNM, simu 2 ndi ya Airtel, ndipo mwagula bandulo pa simu 2. Mwayatsa mivi iwiri ija, WhatsApp ikuyenda, koma patapita kanthawi mukupeza mayunitsi a pa simu 1 atha pomwe bandulo sinakhudzidwe. Chachitika n'choti foni inatcheredwa kuti intaneti izidzera pa simu 1. Mukanadziwiratu poyang'ana pamwamba: pali magulu awiri a timizere ta netiweki, ndipo 4G kapena H imakhala pambali pa gulu la simu imene ikupereka intaneti. Pokonza, dinani mivi iwiriyo osachotsa chala, kapena lowani m'giya n'kufuna kachithunzi ka simu, kakhadi kodulidwa kona imodzi. Mupeza 1 ndi 2, sankhani imene ili ndi bandulo.

Chilembo R pafupi ndi timizereto chikutanthauza kuti foni yagwira netiweki ya dziko lina. Simufunika kuoloka malire kuti zimenezi zichitike. Anthu a m'mphepete mwa malire, monga ku Dedza, Mwanza, Muloza kapena Mchinji, amatha kugwira nsanja ya ku Mozambique kapena Zambia ali pakhomo pawo, ndipo mitengo ya kumeneko ndi ina. Mukaona R zimitsani mivi iwiri ija kaye.

Kadontho kokhala ndi mizere itatu yopindika pamwamba pake, yokulirakulira pokwera, ndi Wi-Fi. Mizere yambiri ikadzaza ndiye kuti muli pafupi ndi gwero lake. Kaloko pambali pa dzina la Wi-Fi kakutanthauza kuti pakufunika mawu achinsinsi, ndipo polemba mawuwo, kachithunzi ka diso kamakuonetsani zimene mukulemba kuti musalakwitse. Mfuwuliro kapena kamtanda pambali pa Wi-Fi ndiye kuti foni yalumikizana ndi kabokosi kopereka Wi-Fi m'nyumbamo, koma kabokosiko palibe chimene kakulandira, mwina bandulo yake yatha. Kulembanso mawu achinsinsi sikuthandiza pamenepo.

Chofanana nacho pang'ono ndi chogawira ena intaneti yanu: pa Android ndi kadontho kozunguliridwa ndi mizere yopindika mbali zonse, pa iPhone ndi mphete ziwiri zolowana. Munayatsira mnzanu tsiku lina, foni yake inasunga mawu achinsinsi, ndiye nthawi iliyonse chikayaka iye ali pafupi foni yake imalumikiza yokha. Bandulo ikamatha mosadziwika bwino, yang'anani chimenechi choyamba.

Bluetooth ndi chilembo B chosongoka chokhala ndi timichira tiwiri kumanzere. Ndi zilembo ziwiri zakale za anthu a kumpoto kwa Ulaya, H ndi B, zophatikizidwa, kuimira Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya m'zaka za m'ma 900. Kwa inu chofunika n'chakuti ndi yolumikizira sipika ndi mahedifoni opanda chingwe, ndipo ili ndi mlandu pa vuto lotsatirali.

Foni ikasiya kulira

Anthu akudandaula kuti simuyankha mafoni awo, inu simunamve kulira kulikonse. Musathamangire kunena kuti sipika yapsa. Pali zinthu zinayi zoti muone, motsatana chonchi.

Choyamba ndi belu kapena kasipika pachinsalu chija. Batani limeneli limasintha katatu mukamalidina: kulira, kunjenjemera kokha, kenaka chete. Kunjenjemera kumaonetsedwa ndi kafoni kokhala ndi timizere m'mbali zonse ziwiri, chete ndi belu kapena sipika yodulidwa ndi mzere. Pa ma iPhone ambiri pali kaswitchi kenikeni kumbali yakumanzere, pamwamba pa mabatani a voliyumu. Kakaonetsa utoto wa lalanje foni ili chete.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri, chifukwa belu limaoneka kuti lili bwinobwino. Ndi kachithunzi ka mwezi wongooneka kumene, kapena bwalo lokhala ndi kamzere kogona pakati. Chimenechi chimauza foni kuti musasokonezedwe. Mafoni amalowa ndithu, koma mwakachetechete, inu mumangodzapeza kuti anthu anaimba. Chikamayaka chokha usiku uliwonse ndiye kuti wina anachiikira nthawi. Dinani osachotsa chala, mupeza nthawi yoyambira ndi yothera zolembedwa m'manambala ndi switchi pambali pake, izimitseni.

Chachitatu ndi Bluetooth ija. Ngati foni yalumikizana ndi sipika imene ili m'chipinda china, kapena mahedifoni amene ali m'chikwama, nyimbo ndi mauthenga a mawu zikupita kumeneko. Izimitseni n'kuyesanso.

Chachinayi, yang'anani pamwamba ngati pali kachithunzi ka mahedifoni pomwe simunalowetse chingwe chilichonse. Fumbi kapena chinyezi chikalowa pabowo la mahedifoni, foni imaganiza kuti mwavala mahedifoni n'kutumiza mawu kumeneko. Lowetsani ndi kutulutsa chingwe cha mahedifoni kangapo, kapena zimitsani foni n'kupukuta m'bowomo ndi kamtengo kowuma kokulunga thonje pang'ono. Singano kapena waya ayi.

Kamunthu kotambasula manja

Katsala kachithunzi kamodzi kamene kamaopsa anthu kuposa Chitchaina chomwe. Ndi kamunthu koimirira kotambasula manja, nthawi zina kali m'kati mwa bwalo. Kuseri kwake kuli zothandizira anthu a vuto la maso, makutu kapena manja, ndipo muli zabwino zambiri, monga kukulitsa zilembo kuti agogo aziwerenga okha mauthenga. Koma mulinso TalkBack, pa iPhone VoiceOver, yowerengera anthu osaona zonse za pasikirini.

Ikayaka mwangozi, foni imayamba kuyankhula yokha, chilichonse chimene mwakhudza chimazunguliridwa ndi kabokosi ka utoto, ndipo palibe chikutseguka. Foni sinawonongeke, yangosintha kamvedwe kake ka chala. Tsopano kukhudza kamodzi n'kusankha chabe. Kuti chinthu chitseguke, chikhudzeni kamodzi kuti kabokosi kakhale pa icho, kenaka gogodani kawiri mofulumira paliponse pasikirini. Kukoka mndandanda kumafuna zala ziwiri pa Android, zitatu pa iPhone. Ngakhale nambala yotsegulira foni imalembedwa chomwecho: khudzani nambala, gogodani kawiri, n'kupita pa yotsatira.

Yesani kaye njira yachidule. Pa Android kanikizani mabatani onse awiri a voliyumu nthawi imodzi kwa masekondi atatu. Pa mafoni ambiri ndi mmene inayakira m'thumba muja, ndipo ndi mmenenso imazimira. Pa iPhone dinani batani lam'mbali katatu mofulumira, zomwe zimagwira ntchito ngati njira yachiduleyo inatcheredwa. Zikakana, yendani ulendo wonse ndi kagogodedwe katsopanoka: tsitsani chinsalu ndi zala ziwiri, khudzani giya n'kugogoda kawiri, kokani mndandanda ndi zala ziwiri mpaka muone kamunthu kaja, lowani, pezani TalkBack, yomwe dzina lake limalembedwa chomwecho m'ziyankhulo zambiri, khudzani switchi yake n'kugogoda kawiri. Foni ifunsa ngati mukutsimikiza. Khudzani batani lakumanja, gogodaninso kawiri. Mukadali patsamba lomwelo, zimitsaninso switchi ya njira yachidule ya mabatani a voliyumu, ngati pakhomopo palibe amene amaifuna.